Musanagule eyareta ya pampopi, yezani kaye madzi anu

Kachipangizo kamene ndikukamba apa ndi kaja kamakhala kumlomo kwenikweni kwa mpopi, pomwe madzi amatulukira, kokhala ndi kasefa mkati. Mumahadiweya ena amati eyareta, ena amangoti kasefa ka mpopi, mukapita nako kakale m'manja amakumvetsani msanga. Ntchito yake ndi ziwiri. Kamapanikiza njira ya madzi kuti azituluka ochepa pa miniti, komanso kamakoka mpweya kudzera m'timabowo ta m'mbali n'kuusakaniza ndi madziwo, nde madzi amatuluka oyera ngati mkaka, odzaza bwino m'manja, osathovukira pamalaya, pomwe zoona zake mukugwiritsa mwina theka la amene mumagwiritsa kale. Kumanga kwake ndi kwa maminitsi ochepa, pulambala safunika. Chovuta ndi kusankha, chifukwa kachipangizo komweko kamene kangathandize pabeseni ya ku bafa kakhoza kukusowetsani mtendere pasinki ya kukhitchini, ndipo panyumba ya thanki kakhoza kungotsekeratu madzi.

Mfundo yoti muyambe mwaigwira ndi iyi. Eyareta imapulumutsa madzi pokhapokha pamene mpopi umakhala chitsegukire munthu akuchita zina, monga kusamba m'manja, kutsuka mano, kusukusula, kutsukuluza mbale, kutsuka tomato ndi masamba. Pamenepo madzi ambiri amangodutsa osagwira ntchito, nde mukachepetsa liwiro mwapindula. Koma pamene mukutunga, mwachitsanzo kudzadza ndowa yochapira kapena poto wa nyemba, palibe chimene mwapulumutsa olo dontho, ndowa ya malita 20 ifunabe malita 20, kusiyana kwake mwangoyima nthawi yaitali. Ndiye mpopi wa panja uja, womwe ana amatungirapo zigubu ndi zidebe, usiyeni mmene ulili. Osaukhudza.

Tsopano kuyeza. Tengani chigubu cha malita 5, zija zimabwera ndi mafuta ophikira, kapena jagi yokhala ndi mizere, ndi foni yanu ya sitopuwotchi. Ngati chigubu sichikulowa pansi pa mpopi wa pabeseni, dulani botolo la malita 2 kapena gwiritsani jagi ya lita imodzi. Tsegulani mpopi mpaka kumapeto, madzi akhazikike kaye, kenako ikani chigubu n'kuyatsa wotchi nthawi yomweyo. Chikadzadza yimitsani. Masamu ake ndi awa:

```
malita pa miniti = malita × 60 ÷ masekondi
5 × 60 ÷ 25 = 12
```

Kutanthauza kuti ngati chigubu cha malita 5 chadzadza pa masekondi 25, mpopi wanu ukutulutsa malita 12 pa miniti. Chikatenga masekondi 50 ndi malita 6, chikatenga miniti yathunthu ndi malita 5. Lembani penapake, mpopi uliwonse pawokha.

Musayeze kamodzi n'kukhutira ayi. Mzuzu ndi wa zitunda ndi zidikha, madzi ochokera ku damu la Lunyangwa amayenda mitunda yosiyana kuti akafike ku Katoto, ku Luwinga, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, nde mphamvu yake siingafanane, nyumba ya kumunsi imalandira pulesha yambiri kuposa ya pamtunda olo zili pa paipi imodzi. Komanso m'nyumba imodzi yomweyo madzi a 6 koloko m'mawa, aliyense akusamba kukonzekera ku ntchito ndi kusukulu, ndi osiyana ndi a 10 koloko usiku. Yezani nthawi zonse ziwiri. Nambala ya usiku ikuuzani madzi amene mungapulumutse, koma nambala ya m'mawa ndi imene ikuuzani ngati mpopiwo ungapirire kupanikizidwa. Ngati m'mawa mukupeza malita 5 kapena 6 pa miniti ndipo usiku sizikusintha kwenikweni, mpopi umenewo ndi wopulumutsa kale, ndalama yanu sungani. Amene akufunika eyareta ndi amene akupeza 9, 12, 15 kupita m'mwamba.

Mukayeza chomwecho mudzayezenso kachiwiri mutatsegula mmene anthu a m'nyumbamo amatsegulira tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi ochepa amene amapotokola mpaka kumapeto posamba m'manja. Nambala imeneyi tiigwiritsa ntchito kutsogoloku powerengera phindu lenileni.

Chachiwiri, yang'anani mlomo wa mpopi. Mipopi yambiri ya masiku ano, makamaka mamikisa aja a chogwirira chimodzi, imabwera ndi kasefa kale, kungoti kambiri kamangowongola madzi osachepetsa kanthu. Kumasula kwake, tsekani kaye chibowo cha sinki ndi pulagi kapena kansalu kuti karabala ka mkati mwa kasefako kasagweremo, kulungani kansalu pa kachitsulo konyezimirako kuti musakande, gwirani ndi shifitingi pa mbali ziwiri zophwatalala zija. Apa anthu ambiri amasokonezeka chifukwa kachipangizoka kamayang'ana pansi, nde m'malo momasula amamangitsa. Mutaima kutsogolo kwa sinki, mbali imene yayang'ana kwa inu iziyenda kupita kumanzere kwanu, kumeneko ndiye kumasula. Dzanja linalo ligwire khosi la mpopi kuti musaupotoze pansi pomwe unamangidwa, kupanda kutero mumasula nati ya pansi pa sinki n'kuyambitsa ntchito ina. Kakakanirira chifukwa cha dzimbiri, nyowetsani kansalu ndi viniga, kulungani pamenepo kwa ola limodzi, muyesenso. Osamenya ndi hamala, makhosi a mipopi yotchipayi ndi opyapyala zedi.

Mukachotsa onani pomwe pali mazinga. Ngati mazinga ali mkati mwa mlomo wa mpopi, ndiye eyareta yake ndi ya mazinga a kunja, ndipo saizi yofala ndi M24, kutanthauza mamilimita 24 m'mimba mwake. Ngati mazinga ali kunja kwa mlomo, eyareta imavala pamwamba, saizi yake nthawi zambiri ndi M22. Palinso M28 ya mipopi ikuluikulu ya pabafa losambiramo, imeneyo simukuifuna poti bafa ndi lodzadza basi, ndi ina ing'onoing'ono ngati M18 pa mipopi yowonda yamakono. Mipopi ina eyareta yake inabisika mkati, kunja sikuoneka pogwira, imeneyo imafuna kakiyi kapulasitiki ka mano kamene kamabwera ndi mpopiwo, musalimbane nayo ndi mpeni. Njira yosavuta kuposa zonse ndi kuika kakaleko m'thumba n'kupita nako m'tauni, mukafanizire pakauntala pomwepo. Chenjezo limodzi, katundu wina amakhala wa masaizi a ku Amerika, olembedwa 15/16 kapena 55/64, pamaso amaoneka ofanana ndi M24 ndi M22 koma mazinga ake ndi osiyana pang'ono, amayamba kulowa bwino kenako n'kuuma, mukakakamiza mwaononga mazinga a mpopi. Chinanso chothandiza, ngati chikhokhombe chachitsulo chakale chili bwino, mutha kungosintha kamtima kapulasitiki ka mkati, kamtima kamodzi kamakwana mu M22 ndi M24 momwe nthawi zambiri, chosiyana ndi karabala.

Nanga mipopi yakale ija ya m'nyumba zambiri za lendi, yopanda mazinga kumlomo? Pamenepo pali timaadaputa ta labala tovala kunja n'kumanga ndi kilipi ya sikuluwu, ndiye eyareta imamangidwa pa adaputayo. Zimagwira, koma mlomo ukhale wozungulira bwino, ndipo ngati pulesha ya kwanu ndi yambiri usiku kakhoza kuvuka. Ndipo tipulasitiki tamitundumitundu tozungulira tija timagulitsidwa pamsika, tambiri sitilembedwa kuti timatulutsa malita angati, tina timangomwaza madzi osachepetsa chilichonse. Sindikunena kuti musagule, koma mukamanga yezaninso ndi chigubu chanu, chigubu ndi chimene chinene zoona. Mpopi wa mkuwa wa panja uli ndi mazinga akuluakulu a hosipaipi, amenewo ndi mtundu wina, sagwirizana ndi M22 kapena M24.

Tifike pa nkhani yaikulu, kusankha liwiro. Pa paketi kapena m'mbali mwa kachipangizoko mupeza nambala yotsatana ndi l/min, amenewo ndi malita pa miniti. Zina zimalembedwa gpm, magaloni a ku Amerika, galoni imodzi ndi pafupifupi malita 3.8, nde 0.5 gpm ndi malita 1.9, 1.0 gpm ndi 3.8, 1.5 gpm ndi 5.7, 2.2 gpm ndi 8.3. Ngati palibe nambala iliyonse, tengani kuti sikachepetsa madzi mpaka mutayeza nokha.

Pabeseni yosambira m'manja ndi kutsukira mano, ine ndimalangiza malita 4 kapena 5. Sopo amachoka bwinobwino, munthu sazindikira n'komwe kuti madzi achepa. Za malita 2 zija sizisakaniza mpweya kwenikweni, zimatulutsa timizere ta madzi ngati kashawa, ndi zabwino pachimbudzi cha alendo, kutchalitchi, kusukulu, pa lesitilanti, malo oti munthu amangosamba m'manja n'kumapita. Koma pakhomo pomwe bambo amametera ndevu, mayi amachapirapo tizovala ta mwana, malita 2 amatopetsa, anthu amayamba kusiya mpopi chitsegukire nthawi yaitali kapena wina amangokachotsa mwakachetechete, phindu lonse lapita.

Kukhitchini musatsike kwambiri. Pamenepo mumachita zonse ziwiri, kutsukuluza ndi kutunga, nde pafunika pakatikati, malita 6 mpaka 8. Taonani kusiyana kwake pa ndowa ya malita 20. Pa malita 12 pa miniti imadzadza pa miniti imodzi ndi masekondi 40. Pa malita 8 ndi maminitsi awiri ndi theka, zopiririka. Pa malita 5 ndi maminitsi 4, ndipo pa malita 2 ndi maminitsi 10 athunthu munthu ali chiimire, m'mawa wa mu Juni ndi kuzizira kwa kuno, madzi osamba a ana atatu asanaphitsidwe. Ngati nyumba yanu ilibe mpopi wa panja ndipo madzi onse mumatungira pasinki, sankhani 8, kapena funani ya mitundu iwiri ija yoti mukakoka imamwaza pang'ono, mukakankha imatulutsa ambiri. Amene amaphika ndi kutsuka mbale m'nyumbamo afunseni kaye musanagule, iwowo ndi amene akhale nako tsiku lonse.

Pali kusiyana kwina kumene ogulitsa ambiri sakufotokozerani. Maeyareta ena amachepetsa madzi ndi kabowo kakang'ono basi, kosasintha. Nambala yolembedwa pa amenewa imakhala yoona pa pulesha imodzi yokha, kawirikawiri cha m'ma 3 bar kwa katundu wa masaizi a M22 ndi M24, pulesha ikakwera madzi amachuluka, ikatsika amachepa. Ena ali ndi karabala kozungulira mkati kamene kamafinyika pulesha ikakwera n'kuchepetsa njira, ikatsika kamamasuka njira n'kukula, nde madzi amatuluka pafupifupi ofanana usana ndi usiku. Pa paketi ena amalemba PCA, ndipo mukayang'ana kumbuyo kwa kamtimako mumaona karabalako kali pakati pa timano ta pulasitiki. Kwa ife kuno, komwe pulesha imasintha ndi nthawi, wachiwiriyu ndi amene ali woyenera olo atakwererako mtengo, chifukwa m'mawa madzi akafooka sakuwapanikizanso kwambiri, usiku akalimba amawagwira.

Tsopano inu a mathanki, mvetserani apa. Pulesha ya thanki imachokera pa kutalika basi, mamita 10 aliwonse kuchokera pamwamba pa madzi m'thanki kufika pa mlomo wa mpopi ndi pafupifupi 1 bar. Thanki ya pa sitandi ya mamita 4, mpopi uli mita imodzi kuchokera pansi, mukupeza cha m'ma 0.3 kapena 0.4 bar, kukula kwa thanki sikuthandiza, ya malita 5,000 ndi ya 1,000 pa sitandi imodzi kusiyana kwake ndi kochepa. Eyareta ya kabowo kosasintha yolembedwa malita 6 pa 3 bar, mukaimanga pa 0.3 bar ikupatsani pafupifupi malita 2 okha, ndipo mpweya sukokeka n'komwe chifukwa kuti ukokeke pamafunika madzi othamanga, nde kumangotuluka kamtsinje kowonda kokhotakhota. Olo ya PCA imafuna pulesha yofikako cha ku 1 bar kuti ipereke nambala yake. Choncho ngati nyumba imadalira thanki popanda pampu, ikani kowongola madzi wamba kopanda chopanikiza, kapena yolembedwa kuti ndi ya pulesha yochepa. Ngati mumasinthasintha, lero a Water Board mawa a m'thanki, yezani pa onse awiri ndipo musankhe poganizira ofookawo.

Madzi otentha nawo ali ndi zake. Mukachepetsa liwiro, madzi ozizira amene agona m'paipi kuchokera ku giza amatenga nthawi kuti atuluke. Paipi ya hafu inchi imasunga pakati pa lita imodzi ndi theka ndi malita awiri pa mamita 10 aliwonse, pa malita 10 pa miniti mumadikira masekondi ngati 12, pa malita 2 mumadikira miniti. Madzi otayika ndi omwewo koma kudikirako kumakwiyitsa. Zoopsako ndi ziwiri izi. Timagiza tija totenthetsa madzi pompopompo akamadutsa timafuna liwiro linalake kuti tiyake, mukapanikiza kwambiri timazimazima kapena madzi amatentha mopitirira, werengani kabuku kake musanaike chilichonse. Ndipo timagiza tina ta pansi pa sinki topanda pulesha timapumira pa mlomo wa mpopi womwewo, tija mpopi wake umadontha madzi akamatentha, pamenepo musaike chopanikiza chilichonse, mukhoza kuphulitsa thanki yake. Chinanso, ngati mikisa yanu imalandira ozizira amphamvu kuchokera ku mita ndi otentha ofooka kuchokera ku giza ya m'denga kapena ya sola, kupanikiza kumlomo kumapangitsa ozizira kukankha otentha kubwerera m'mbuyo. Chizindikiro chake, madzi ofunda amavuta kupeza, kapena paipi yotayira ya giza imayamba kudontha mukatsegula mpopi. Zikatero chotsani eyaretayo, muitane pulambala aone za valavu yoletsa madzi kubwerera.

Kumanga. Pukutani mazinga a mpopi ndi mswachi wakale, ndipo suzumirani mkati kapena pisani chala muone ngati karabala kakale sikanatsalire, chifukwa marabala awiri ophatikizana ndi amene amadonthetsa kwambiri. Kenako, musanamange chatsopano, tsegulani madzi pang'onopang'ono kwa masekondi 20 kapena 30, ozizira ndi otentha omwe, kuti mchenga ndi tizidutswa ta dzimbiri tituluke, gwirizani kapu kumlomo poti popanda kasefa madzi amamwazika. Ikani kamtima m'chikhokhombe chake, mbali ya sefa yotukuka iyang'ane m'mwamba kumene madzi akuchokera, karabala pamwamba pake katagona bwino. Yambani kumanga ndi zala zokha. Kakuyenera kuzungulira mofewa maulendo angapo, kakauma poyambirira pomwe ndiye kuti kalowa mopingasa kapena saizi si imeneyo, bwezani muyambirenso. Kakafika pothera, mangitsani ndi dzanja, tsegulani madzi. Ngati m'mbali mukutuluka timadzi, onjezani pang'ono chabe ndi shifitingi pa kansalu, kosakwana kota ya kuzungulira. Thiredi tepi safunika apa, chotseka madzi ndi karabala osati mazinga, ndipo tizidutswa ta tepiyo timakathera mu sefa momwemo.

Mukatha tenganinso chigubu. Ngati munagula ya malita 5, chigubu cha malita 5 chidzadze pa miniti imodzi kapena kuyandikira. Madzi atuluke mzere umodzi wowongoka, woyera, ndi kaphokoso kofewa. Akamatuluka oonekera opanda thovu ndiye kuti pulesha yachepa kapena timabowo ta mpweya tatsekeka. Akamapatukira kumbali, mu sefa mwalowa kale kanthu. Pitaninso ndi chala pakhosi pa mpopi wa kukhitchini pomwe umazungulira, ndi pansi pa sinki, chifukwa kupanikiza kumlomo kumakweza pulesha mkati mwa khosi, nde ngati marabala a pamenepo anali otha kale, apa ndi pomwe amaonekera. Si kuti eyareta yaononga, yangoulula, marabalawo asinthidwe.

Tiyeni tiwerengere nyumba imodzi kuti muone kukula kwa nkhaniyi, nambala izi ndi zongoyerekeza, inu muikepo zanu. Tinene nyumba ya ku Chibanja ya anthu 6, madzi ochokera ku mita mwachindunji, thanki palibe. Beseni ya kubafa yayezedwa malita 12 mpopi utatsegulidwa wonse, koma mmene amatsegulira masiku onse ndi malita 8. Aliyense mpopi umakhala wotsegula maminitsi atatu pa tsiku, kuphatikiza mano, kumaso ndi m'manja, onse pamodzi maminitsi 18. Aika ya malita 5. Wogulitsa akhoza kukuwerengerani kuchokera pa 12, kuti mukupulumutsa malita 7 pa miniti, malita 126 pa tsiku, 3,780 pa mwezi. Koma zoona zake muwerengere kuchokera pa 8, nde ndi malita 3 pa miniti, 54 pa tsiku, 1,620 pa mwezi wa masiku 30. Kukhitchini ayeza malita 11, aika ya 8, ndipo pa nthawi yonse imene mpopi umatseguka, tinene maminitsi 15 ndi otsukuluza, ena onse ndi otunga amene sitiwawerengera. Malita 3 kuchulukitsa ndi 15 ndi 45 pa tsiku, 1,350 pa mwezi. Pamodzi 2,970, pafupifupi makiyubiki mita atatu, poti kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Zimenezo ndi ndowa za malita 20 pafupifupi 150 pa mwezi. Tengani bilu yanu ya Northern Region Water Board kapena lisiti ya mayunitsi, onani mtengo wa kiyubiki mita imodzi, chulukitsani ndi 3, mufanizire ndi mtengo wa tizipangizo tiwiri, mudziwa miyezi imene ndalama yanu ibwerere. Ngati ena mwa madziwo ndi otentha, mwapulumutsanso magetsi a giza.

Mukaona bwino, nyumba imeneyi ikanaika ya malita 4 pabeseni m'malo mwa 5, ikanaonjeza malita 540 pa mwezi, n'zotheka ndithu ngati pulesha ili yokhazikika. Koma kutsitsa kukhitchini kufika pa 5 ine sindingavomereze ngati amatungira pomwepo.

Kuti mutsimikize, gwiritsani mita. Werengani usiku musanagone Lamlungu, mudzawerengenso Lamlungu linalo nthawi yomweyo, sabata imodzi musanamange ndi sabata ina mutamanga, musankhe masabata opanda alendo kapena kuchapa mabulangete. Pa mamita ambiri manambala akuda ndi makiyubiki mita, ofiira ndi tizigawo take, lembani onse. Ngati kusiyana sikukuoneka, tsekani mipopi yonse m'nyumba muyang'ane mita kwa maminitsi 10, ikamayendabe ndiye kuti pali podontha, ndipo kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi imene imatayira madzi m'mbale mwakachetechete usiku wonse, imeneyo yokha ikhoza kudya zonse zimene mwapulumutsa. Mpopi wodontha ukatsekedwanso eyareta siingauchize, vuto lili pa labala kapena katiriji ya mkati, konzani zimenezo poyamba.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ulesi ndi kutsekeka. Pakapita miyezi madzi amayamba kuchepa pampopi umodzi pomwe ina ili bwino, munthu n'kumati kachipangizoka n'kachabe. Ayi, ndi sefa yadzadza. Madzi akasiya n'kubweranso amabwera ndi mpweya ukuphulikaphulika, ndipo amakokolola mchenga, dothi lofiira ndi dzimbiri la m'mapaipi achitsulo akale, zonsezo zimakaima pa kasefako. Mukamasula mupeza timiyala tating'ono ndi tizidutswa tabulauni titaunjikana pamwamba pa sefa, nthawi zina ndi kaulusi ka thiredi tepi. Nde chizolowezi chabwino, madzi akangobwera yambani kutsegula mpopi wa panja, mutungire m'ndowa mpaka ayere, amenewo athirira maluwa kapena kukolopera, kenako muzitsegula ya m'nyumba.

Kutsuka kwake, masulani monga poyamba, tulutsani kamtima pokankha ndi chala kuchokera pansi, katembenuzeni mozondoka pansi pa mpopi wina kuti madzi akankhe zinyalala kubwerera komwe zinachokera, pitanipo ndi mswachi. Ngati pali zoyera zouma zokakamira, zimene zimaoneka kwambiri kwa amene amagwiritsa madzi a mjigo kapena chitsime chopopa, kanyikeni mu viniga theka la ola kapena ola, tsukuluzani. Musatokose ndi singano kapena waya, mukaboola sefa kapena kukanda karabala ka PCA nambala ija yatha ntchito. Ngati tizidutswa ta mkati tikuphwasuka, tijambuleni pafoni musanatisokoneze kuti mubwezere mwa dongosolo lake. Kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu ndi bwino, ndi nthawi iliyonse imene mwakonzetsa mapaipi. Musadikire kuti katsekeke, chifukwa sefa yonyowa nthawi zonse imasunga ndere ndi tizilombo, ndipo ngati m'nyumba muli khanda kapena wodwala amene thupi lake ndi lofooka, muzitsuka pafupipafupi kapena pampopi wa madzi akumwa muike yongowongola madzi yosasakaniza mpweya, imene ilinso ndi manambala ake a malita. Pulasitiki ikayamba kuuma n'kuthetheka kapena karabala kakaphwatalala, gulani kamtima kena, ndipo amene muli pa lendi kakale kaja kasungeni m'kabati kuti mudzabwezeretse tsiku losamuka, a landilodi asadzakuduleni dipoziti.